Holide ikagwera pa tsiku la ofu: mmene mungawerengere malipiro

Pa 15 Okutobala 2025, Tsiku la Anakubala, linali Lachitatu. Kwa anthu a m'maofesi nkhani inali yachidule: sanapite kuntchito, malipiro a mwezi anabwera athunthu. Koma m'mabekale, m'malo odyera, m'mafilingi siteshoni ndi m'malo ogona alendo, komwe ntchito siima ndipo aliyense ali ndi tsiku lake lopuma, alipo ambiri amene ofu yawo imakhala Lachitatu lomwelo. Apa ndi pamene pamabuka mkangano kumapeto kwa mwezi. Wantchito amati ndalama ziyenera kuchulukitsidwa kanayi popeza linali tsiku la ofu komanso holide. Abwana amati palibe chowonjezera popeza munthuyo akanapuma ndi kale. Kawirikawiri onse awiri amakhala ataphonya.

Zimene ndikufotokoza pano zatsamira pa Lamulo la za Ntchito la dziko la Malawi la chaka cha 2000, makamaka gawo 36 lokamba za maola ndi kupuma, ndi gawo 39 lokamba za ovataimu. Lamuloli limaika malire apansi. Ngati kontirakiti, buku la malamulo a pakampani kapena mgwirizano ndi bungwe la ogwira ntchito zikupereka zoposa pamenepo, mutsate zimenezo. Chosatheka ndi kulipira zochepera.

Titenge chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: wophika buledi pa bekale ina, amalandira K260,000 pamwezi, amagwira masiku 6 pa sabata, maola 8 patsiku, ndipo amapuma Lachitatu.

1. Yambani ndi rositala, osati kalendala

Kalendala ikuuzani kuti holide ili liti. Siingakuuzeni kuti munthu wanu amayenera kupuma liti. Choncho tsegulani rositala ya mwezi umenewo muone tsiku la ofu limene linalembedwa holide isanafike. Ndanena kuti isanafike chifukwa alipo oyang'anira ena ochenjera moipa: akaona kuti holide ikugwera Lachitatu, amasuntha ofu ya munthu kuchoka Lachisanu kupita Lachitatu sabata yomweyo, kuti masiku awiri opuma asanduke limodzi. Lamulo limati tsiku lopuma likhale limene anthu anazolowera kupuma kapena limene mbali ziwirizo zinagwirizana. Ofu yosunthidwa ndi mbali imodzi usiku umodzi si yogwirizana. Ngati mukulemba malipiro ndipo mwaona kufufuta pa rositala pafupi ndi holide, funsani musanawerenge kalikonse.

Mukatsimikiza kuti holide ndi ofu zagundanadi, funso lotsatira ndi limodzi lokha, ndipo ndilo limagawa nkhani yonse pawiri: kodi munthuyo anagwira ntchito tsikulo kapena ayi? Yankho lichokere m'buku losainira kapena pa makina olembera nthawi, osati pakamwa.

2. Ngati sanagwire

Wophika wathu wakhala kunyumba Lachitatu. Malipiro ake ndi K260,000 monga mwezi wina uliwonse. Simudula kanthu, ndipo gawo 39 silikukakamizani kuwonjezera kanthu, chifukwa ovataimu imalipira maola amene munthu wagwira. Apa palibe ola limene lagwiridwa.

N'zoona kuti wophikayu amamva kuti wabetsa. Anzake opuma Lamulungu apuma kawiri sabata imeneyo, iye kamodzi. N'chifukwa chake malo ena antchito amalemba m'malamulo awo kuti holide ikagwera pa ofu ya munthu, apatsidwe tsiku lina lopuma kapena ndalama ya tsiku limodzi. Ngati kwanu zinalembedwa choncho, ndi ngongole, muyenera kuibweza: tsiku limodzi lopuma, kapena K10,000 kwa wophika wathu. Ngati sizinalembedwe, ndi chisankho cha abwana. Ine ndimaona kuti kupereka tsikulo n'kotsika mtengo kusiyana ndi kung'ung'udza kumene kumatsatira, makamaka pamalo pomwe munthu mmodzimodzi ndiye amagundidwa nthawi zonse. Mu 2025 yemweyo pa 14 Meyi, Tsiku la Kamuzu, linalinso Lachitatu, chimodzimodzinso maholide a pa 1 ndi pa 15 Januwale. Wa ofu ya Lachitatu anaphonya maholide anayi chaka chimodzi.

3. Ngati anagwira, pezani kaye malipiro a ola limodzi

Zolakwika zambiri zimachitikira pano, nkhani ya holide isanayambe n'komwe. Munthu wa masiku 6 amagwira maola 48 pa sabata, omwenso ndi malire a lamulo musanalowe mu ovataimu. Maola 48 kuchulukitsa ndi masabata 52, kugawa ndi miyezi 12, zimapereka maola 208 pamwezi. N'chimodzimodzi kunena kuti masiku 26 a maola 8. Ngakhale boma polengeza malipiro ochepetsetsa limawerengera masiku 26: pomwe anali K90,000 pamwezi mu 2024, a patsiku anali K3,461.54.

Ndiye K260,000 kugawa ndi 26 ndi K10,000 patsiku. Kugawanso ndi 8 ndi K1,250 pa ola.

Ambiri amagawa ndi 30, poganiza kuti mwezi uli ndi masiku 30. Taonani zimene zimachitika: tsiku limatsika kufika pa K8,667, ola pa K1,083, ndipo pa shifiti imodzi ya holide wophika amatayapo pafupifupi K2,700 osadziwa kuti yalowera kuti. Kugawa ndi 30 kukutanthauza kuti munthuyo amagwira tsiku lililonse osapuma, zomwe si zoona ndiponso lamulo silizilola.

Kwa wa masiku 5 ndi maola 40 pa sabata, chogawira ndi 173.33, ndipo K260,000 yomweyo imapereka K1,500 pa ola. Ena amagwiritsa ntchito masiku 22, ndiwo maola 176. Kusiyana kwake n'kochepa, koma sankhani chimodzi, chilembedwe, ndipo chikhale chomwecho kwa aliyense mwezi uliwonse. Wolipidwa patsiku ndiye savuta: malipiro a tsiku kugawa ndi maola ake a tsiku.

4. Kawiri, osati kanayi

Gawo 39 limagawa ovataimu m'magulu atatu. Yoyamba ndi ya tsiku wamba la ntchito, pamene munthu wapyola maola ake: imalipidwa kamodzi ndi theka. Yachiwiri ndi ya tsiku limene munthu akanakhala pa ofu: kawiri. Yachitatu ndi ya pa holide ya boma: kawirinso.

Wophika wathu akaitanidwa Lachitatu la pa 15 Okutobala, ola lililonse limene wagwira likulowa m'gulu lachiwiri komanso lachitatu. Koma ola ndi limodzi, ndipo lamulo silinena kuti magulu akagundana mitengo yake iphatikizidwe kapena ichulukitsane. Chimene limanena n'chakuti ola lotero lisalipidwe pansi pa kawiri. Ndiye masamu ake ndi awa: K1,250 kuchulukitsa ndi 2 ndi K2,500 pa ola. Wagwira maola 8, ndiye K20,000. Mwezi umenewo alandira K280,000 msonkho usanadulidwe.

Ndalama yonseyi ndi yowonjezera pamwamba pa malipiro a mwezi, ndipo apa pafunika kutchera khutu chifukwa maakauntanti ena amaidula pakati. Amati dabulo ikutanthauza kuti gawo limodzi lili kale m'salale, ndiye awonjezere limodzi lokha, K10,000. Pa tsiku la ofu maganizo amenewa alibe poyambira. Tagawa salale ndi masiku 26, ndipo Lachitatu la wophikayu mulibe m'masiku 26 amenewo. Palibe tambala ya tsikulo imene inalipidwa kale. Magawo onse awiri ayenera kuonekera.

Nanga akapitirira maola 8? Tinene kuti maoda a makeke anachuluka, wophika anaweruka atagwira maola 11. Maola atatu apamwambawo sabwerera pa kamodzi ndi theka, chifukwa mtengo umenewo ndi wa tsiku wamba la ntchito, ndipo lino si tsiku wamba. Sakweranso kufika katatu pokhapokha kontirakiti itanena. Onse 11 ndi a K2,500, pamodzi K27,500. Chimodzimodzi akaitanidwa kwa maola atatu okha kudzathandiza pa uvuni: K7,500, osati ya tsiku lonse, kupatula ngati kwanu kuli lamulo lakuti woitanidwa pa ofu alipidwe maola osachepera akutiakuti.

Ngati kontirakiti ili ndi mitengo yosiyana, mwachitsanzo ofu kawiri koma holide kawiri ndi theka, tengani wokulirapo. Amene mumawerengera mu Excel, ikani salale mu B2, maola mu C2, chochulukitsira cha ofu, monga 2, mu D2 ndi cha holide mu E2:

```
=B2/208*C2*MAX(D2,E2)
```

Mukaika `D2*E2` m'malo mwa `MAX(D2,E2)` ndi pomwe imatulukira kanayi ija.

5. Holide yosunthidwa kupita Lolemba

Pano ndi pamene nkhani imapota, ndipo ndichedwapo pang'ono. Kuno kwathu holide ikagwera Loweruka kapena Lamulungu, boma limalengeza kuti anthu apume Lolemba lotsatira. Pa 6 Julaye 2025 linali Lamulungu, ndipo Lolemba pa 7 linakhala holide. Mu 2021 Khirisimasi inagwera Loweruka, pa 26 Disembala Lamulungu, ndipo anthu anapuma Lolemba ndi Lachiwiri. Dziwani kuti kusunthaku kumatsata mapeto a sabata a dziko lonse. Sikutsata ofu ya munthu payekha. Wa ofu ya Lachitatu sangati holide yake yasunthira Lachinayi.

Tibwerere ku bekale ija mu Julaye 2025, koma tione anthu ena awiri.

Woyamba ndi wophika wachiwiri, wa K260,000 yomweyo, amene amapuma Lamulungu. Iyeyu kusunthaku kunapangidwira anthu ngati iye. Akapuma Lamulungu ndi Lolemba, walandira zonse ziwiri, ofu yake ndi holide yake, ndipo malipiro ndi a mwezi basi. Akaitanidwa Lamulungu pa 6 n'kugwira maola 8, ndi K20,000, ndipo simufunika kutsutsana ngati Lamulungulo likadali holide kapena ayi, popeza kwa iye ndi ofu ndipo mtengo ndi womwewo. Akagwiranso Lolemba pa 7 maola 5, imeneyo ndi ovataimu ya holide payokha, maola 5 pa K2,500, ndiyo K12,500. Masiku ndi awiri osiyana, lililonse ndi mzere wake, ndipo pamodzi mwezi umenewo ndi K292,500.

Pa Lolemba limeneli ndi pomwe mkangano wa theka uja umakhala ndi mphamvu pang'ono, chifukwa Lolemba lili m'masiku 26 ndipo salale inaliwerengera kale. Malo ena amawonjezera gawo limodzi lokha, K6,250 pa maola 5 aja. Ine sindigwirizana nazo. Mnzake amene wakhala kunyumba Lolemba walandira kale ndalama ya tsikulo osagwira ntchito. Lamulo limatchula maola a pa holide kuti ovataimu, ndipo ovataimu imabwera pamwamba pa salale. Mukalipira kawiri kathunthu palibe amene angakutengereni kuleba pa mzere umenewu.

Wachiwiri ndi mayi wogulitsa pa kauntala, wa K208,000 pamwezi, ndiyo K1,000 pa ola. Iwowa amagwira Lamulungu monga tsiku wamba ndipo amapuma Lolemba. Taonani mmene kusuntha kumawachitira. Tsiku lenileni la ufulu, pa 6, ali pa kauntala. Tsiku limene boma lapereka, pa 7, ndi ofu yawo ndi kale. Mukati holide ndi Lolemba lokha, mayiwa agwira ntchito tsiku la chikondwerero pa mtengo wamba ndipo sanapumeko kowonjezera: holide yawadutsa mbali zonse ziwiri. Chimene chinapangidwa kuti opuma Lamulungu asabetse ndicho chawabetsa iwo.

Njira yoyenera ndi kuwerengera mayiwa holide yawo pa tsiku lenileni, pa 6 Julaye. Maola 8 pa K2,000 ndi K16,000. Lolemba ndi ofu yawo monga nthawi zonse. Mukawaitananso Lolembalo kwa maola 4, ndi ovataimu ya ofu, K8,000.  Chofunika n'chakuti mfundoyi ilembedwe m'malamulo a pamalopo chaka chisanayambe: kwa anthu a mashifiti amene amagwira Loweruka ndi Lamulungu, holide iwerengedwa tsiku liti. Holide imodzi ikhale tsiku limodzi kwa munthu aliyense, lisasowe.

6. Shifiti yodutsa pakati pa usiku

Tsiku la holide limatha 12 koloko usiku, pomwe uvuni suzima nthawi imeneyo. Tinene kuti wophika woyamba uja anaitanidwa Lachitatu pa 15 Okutobala kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 2 koloko m'bandakucha wa Lachinayi. Dulani shifitiyo pawiri. Maola 6 oyamba ali pa holide ndi ofu, ndiye K15,000. Maola awiri otsalawo agwera Lachinayi, lomwe ndi tsiku lake wamba. Ngati Lachinayilo adzagwiranso maola ake 8 onse, awiriwa ndi ovataimu wamba pa K1,875, ndiyo K3,750, ndipo zonse pamodzi ndi K18,750. Ngati muwachotsera pa maola a Lachinayi kuti agwire 6 okha, ali kale m'salale.

Malo ena safuna zodulazi, amangoti shifiti yonse ndi ya tsiku limene yayambira. Pa chitsanzo ichi wophika apindula, alandira K20,000. Koma onetsetsani mbali inayo: shifiti yoyamba usiku holide isanafike n'kuthera m'mawa wa holide ingachititse kuti maola a pa holide alipidwe pa mtengo wamba, ndipo pamenepo mwatsika pansi pa lamulo.

7. Ndalama sigula kupuma

Mwalipira K20,000, koma nkhani sinathe. Gawo 36 limaletsa kugwiritsa munthu ntchito masiku oposa 6 otsatizana popanda kupuma maola 24 osadukiza. Wophika amene anayamba Lachinayi lapitalo wafika Lachiwiri atakwanitsa kale masiku 6. Lachitatu likadyedwa, n'kudikira Lachitatu linalo, akhala atagwira masiku 13 osapuma pafupi ndi moto. Choncho mukadziwa kuti mudzamufuna pa holide, mugwirizane naye msanga, apume tsiku lina holide isanafike, ndipo ofu yake yotsatira ibwerenso msanga, kuti masiku 6 asapyoledwe.

Ena amafunsa kuti ngati wapatsidwa tsiku lina lopuma, dabulo ikufunikabe? Pa holide, inde. Kusinthana ofu mogwirizana kumachotsa dzina la ofu pa Lachitatulo, koma sikuchotsa holide. Maola amene wagwira pa 15 Okutobala akadali a kawiri.

8. Pa peyisilipi

Ndalamayi ilembedwe pa mzere wakewake, osaisakaniza ndi salale kapena ndi ovataimu wamba. Pakhale deti, maola, mtengo wa ola ndi zotsatira zake, mwachitsanzo: 15 Okutobala, ovataimu ya holide, maola 8 pa K2,500, K20,000. Lembani gulu limodzi lokha. Mukalemba mizere iwiri, wina wa ofu wina wa holide, pa maola omwewo, wodzalowa m'malo mwanu adzalipira yonse iwiri, ndipo ikachitika miyezi ingapo antchito adzaitenga ngati chizolowezi cha pamalopo chimene simungachichotse mwakachetechete.

Ovataimu imadulidwa msonkho limodzi ndi salale ya mwezi umenewo, ndiye imene ifike m'manja idzachepera K20,000. Muuzeni munthuyo zimenezi pomwe mukumuitana. Ambiri amene amabwera ku ofesi atakwiya kuti ndalama yaperewera amakhala kuti anawerengera ya msonkho usanadulidwe.

Inu wantchito amene mukuona kuti zanu sizikugwirizana, musanapite kulikonse jambulani rositala ya sabata imeneyo ndi tsamba la buku losainira lomwe lili ndi nthawi yolowera ndi yotulukira, musunge pamodzi ndi peyisilipi ndi kontirakiti. Gawani ndalama imene mwapatsidwa ndi maola amene munagwira, kenako mufanizire ndi salale yanu yogawidwa ndi 208, kapena 173.33 ngati mumagwira masiku 5 pa sabata. Zikafanana, mwapatsidwa gawo limodzi lokha. Ikaposa ndi theka, auika pa ovataimu wamba. Ikaperewera pang'ono pa kawiri, mwina agawa ndi 30. Mukapita kwa akauntanti mutadziwa kale pamene palakwika, zambiri zimakonzedwa pa malipiro a mwezi wotsatira. Zikakanika, mapepala omwewo ndi amene adzafunidwe ku ofesi ya leba ya m'boma lanu, ndipo kumeneko zikapanda kutha nkhani imapita ku khoti loona milandu ya pantchito.